Mwana akalemba "nait" m'malo mwa "night", khutu lake lili bwino

Aphunzitsi anzanga ndi inu makolo, lero tikambe za ditadu ya Chingerezi, imene anzathu a ku Malawi amati dikiteshoni. Mphunzitsi amawerenga ndime mokweza, ana n'kumalemba, kenako cholembera chofiira chimagwira ntchito yake. Ana ambiri a kuno kwathu ku Chidzolomondo, ku Furancungo mpaka ku Tsangano amataya malikisi ambiri pa ntchito imeneyi ndi pa chimangirizo. Tikaona kope lafiira timafulumira kunena kuti mwana samvetsera, kapena kuti Chingerezi chilibe malamulo ndipo mankhwala ake ndi kuloweza basi. Maganizo onse awiriwa ndikuwakana. Zolakwa zambiri za ana athu zimachokera m'mabanja awiri okha a kalembedwe, ndipo mabanja amenewa ndi otheka kuwaphunzitsa. Chimene chikutipweteka ndi chizolowezi cholemba mndandanda wa mawu 20 osagwirizana pa bolodi n'kuuza ana kuti mawa awadziwe.

Tiyambe ndi zimene mwana amabwera nazo. Kaya wayamba Chingerezi mu kalasi 6, monga zinalili pa ndondomeko ya maphunziro ya 2004, kaya mu kalasi 7, imene lamulo la 2018 linaisamutsira ku sekondale, mwana wathu amafika ali kale ndi njira ziwiri zolembera m'mutu mwake. Njira yoyamba ndi ya Chinyanja, imene ndi yachilungamo kwambiri: chimene wamva ndi chimene ulemba, chilembo chilichonse chimamveka, ndipo mawu alionse amathera ndi vawelo. Njira yachiwiri ndi ya Chipwitikizi, imene imabisako pang'ono koma kawirikawiri imatsatira khutu. Ndiye kukubwera njira yachitatu, imene imalemba zilembo zisanu pa mawu akuti "night" pomwe khutu likumva maliwu atatu. Mwana amene walemba "nait" wamva bwinobwino. Wangolemba Chingerezi ndi dzanja la Chinyanja.

Kuti tisalankhule za m'malere, titenge ndime iyi ya mawu 40, yonga imene aliyense wa ife angalembetse:

"My brother is writing a letter. He hopes to come home in June. He knows the right time to plant. Last night we walked for half an hour. We were planning to climb the hill, but the rain stopped us."

Tsopano nayi ndime yomweyo monga imatulukira m'kope la mwana wakhama, amene sajomba ndipo amakhala kutsogolo:

"My brother is writting a leter. He hops to come hom in June. He nows the rait time to plant. Last nait we woked for haf an our. We were planing to claim the hill, but the lain stoped us."

Werengani zolakwa, mupeza 14. Ngati mphunzitsi akuchotsa malikisi amodzi pa cholakwa chilichonse, mwanayu watsala ndi 6 pa 20, walephera. Ngati akuchotsa theka, watsala ndi 13. Mulimonsemo, kope labwerera ndi mizere yofiira 14, ndipo mwana waphunzirapo chinthu chimodzi chokha, choti iye ndi Chingerezi sagwirizana.

Koma kuno ku Macanga timadziwa kuti fodya sagulitsa ali mulu umodzi. Timayamba takhala pansi n'kusankha masamba m'magiredi, kenako m'pamene timadziwa chimene tili nacho. Tichite chimodzimodzi ndi zolakwa 14 zija.

Mulu woyamba: writting, leter, hops, hom, planing, stoped. Zolakwa 6, zonse za nkhani imodzi, ya e wa kumapeto ndi kubwereza konsonanti.

Mulu wachiwiri: nows, rait, nait, woked, haf, our, claim. Zolakwa 7, zonse za makonsonanti amene amalembedwa koma samveka.

Mulu wachitatu: lain m'malo mwa rain. Cholakwa chimodzi, ndipo ichi chokha ndicho cha khutu, chifukwa m'Chinyanja l ndi r sasiyanitsa tanthauzo la mawu.

Ndiye pa zolakwa 14, zolakwa 13 si za kusamva. Kubwereza ditadu mokweza mawu, kapena kumuuza mwana kuti adzimvetsera, kungakonze cholakwa chimodzi chokha. Zinazo zikufuna kuti wina amuonetse mwanayo mmene kalembedwe ka Chingerezi kamayendera.

Tiyambe ndi mulu woyamba, chifukwa ndi umene umadya malikisi tsiku lililonse. Mawu ngati "knife" mwana amakumana nawo mwa apo ndi apo, koma make, take, come, home, time, write, hope, stop ndi plan ali pafupifupi m'ndime iliyonse.

Lembani pa bolodi mawu atatu awa: make, wake, lake. Osanena kanthu, uzani mwana awerenge. Awerenga ma-ke, wa-ke, la-ke, ndipo sanalakwe, chifukwa onsewa ndi mawu a Chinyanja: make wa mwana, mwana wake, dzina lake. Apa ndi poyambira pabwino kwambiri, chifukwa kalasi yonse imaseka, kenako imaona ndi maso kuti zilembo zomwezo zikutsata lamulo lina. M'Chingerezi mawu amenewa ali ndi phatikizo limodzi lokha. E wa kumapeto satchulidwa.

Apa ambiri a ife timanena kuti e ameneyu alibe ntchito. Mawu amenewa ndi oopsa, pakuti mwana wanzeru akamva kuti chinthu chilibe ntchito amachisiya, ndipo n'chifukwa chake timapeza "hom" ndi "hops". Ena amachita zosiyana, amawaza e paliponse ngati mchere, n'kumalemba "stope" ndi "plante". Choona n'chakuti e ameneyu ali pa ntchito. Iye salankhula, koma amalamula vawelo ya kumbuyo kwake kuti isinthe liwu. Ikani mawu awiriawiri:

bit ndi bite
pin ndi pine
mat ndi mate
tap ndi tape
cut ndi cute
hop ndi hope

Popanda e, vawelo ndi yaifupi. E akabwera, i amamveka ayi, a amamveka eyi, u amamveka yu. Mabuku a Chingerezi amati vawelo imatchula dzina lake, ndipo aphunzitsi ambiri timabwereza mawu amenewa monga alili. Koma taganizani, dzina lake liti? Mwana wathu amadziwa mayina a mavawelo m'Chinyanja ndi m'Chipwitikizi: a, e, i, o, u. Ukamuuza kuti i wa mu "bite" akutchula dzina lake, iye awerenga biti. Choipa koposa, dzina la Chingerezi la chilembo e limamveka ngati i wathu, ndipo dzina la chilembo a limayandikira e wathu. Mphunzitsi akamatchula masipelo pakamwa, theka la kalasi limalemba chilembo china. Choncho musanakhudze lamulo la e, patulani masiku awiri kapena atatu kuti mayina asanu a mavawelo a Chingerezi akhazikike. Mukalumpha sitepe imeneyi, zonse zotsatira zimangoyandama.

Chachiwiri, musayambe ndi hop ndi hope ngakhale mabuku ambiri amayambira pamenepo. Khutu limene linakula ndi mavawelo asanu limamva o m'mawu onse awiri, ndipo kunena zoona ambiri a ife aphunzitsi timawatchulanso mofanana. Yambani ndi i, chifukwa kusiyana kwa bit ndi bite aliyense amakumva. Kenako a, kenako u, ndipo o abwere pomaliza, lamulo litadziwika kale. Mawu obwereka amene ana amawadziwa amathandizanso: layini ndi line, keke ndi cake, geti ndi gate, tepi ndi tape. Mwana amadziwa kale kamvekedwe kake, chatsala ndi kuona chovala chake cha Chingerezi.

Tsopano kubwereza konsonanti, kumene ndi mbali ina ya lamulo lomweli. Tikawonjezera -ing kapena -ed, vawelo ya kachidutswa kameneka imagwira ntchito yomwe ija ya e, imafika kumbuyo n'kusintha vawelo yoyamba. N'chifukwa chake hope amataya e wake n'kukhala hoping: i wa mu -ing walowa m'malo mwake. Nanga hop, amene tikufuna kuti vawelo yake ikhalebe yaifupi? Timamanga mpanda. Timaika p wachiwiri, hopping, kuti vawelo ya kutsogolo isadutse. Konsonanti imodzi ndi khomo lotsegula, makonsonanti awiri ndi mpanda.

Bwererani ku kope lija. Mwana analemba "planing" ndi "stoped", kusiya khomo lotsegula pamene pamafunika mpanda. Mawu akuti planing alipodi m'Chingerezi, koma amanena za kupala thabwa. Analembanso "writting", kumanga mpanda pamene sunafunike, chifukwa i wa mu write ayenera kumvekabe ayi. Ndipo funso limene ana amafunsa kawirikawiri, loti bwanji writing ali ndi t mmodzi pomwe written ali ndi awiri, layankhidwa pomwepo: tchulani mawu onse awiri, mumva kuti mu written vawelo yafupika. Chimodzimodzi "leter". Yerekezani letter ndi dzina lakuti Peter, kapena supper ndi super, muona mpanda ukugwira ntchito.

Mwana angadziyese yekha ndi mafunso atatu asanawonjezere -ing kapena -ed. Kodi mawuwa ali ndi phatikizo limodzi? Kodi ali ndi vawelo imodzi yokha? Kodi akuthera ndi konsonanti imodzi yokha? Mayankho onse akakhala inde, bwerezani: stop, stopped; plan, planning; run, running; sit, sitting. Limodzi likakhala ayi, siyani: rain ali ndi mavawelo awiri, ndiye raining, help akuthera ndi makonsonanti awiri, ndiye helping. Zilembo w, x ndi y sizibwerezedwa, ndiye fixing ndi playing.

Chifukwa chimene ana athu amavutikira pano kuposa ana a ku Ulaya n'chodziwika. Chinyanja sichibwereza makonsonanti pakati pa mawu mwa njira imeneyi. Chipwitikizi chimabwereza makamaka r ndi s, monga carro ndi massa, ndipo kumeneko kubwereza kumasintha liwu la konsonantiyo, pomwe m'Chingerezi kumateteza vawelo. Maso a mwana sanazolowere kuona tt, pp kapena nn, ndipo sangazizolowere yekha pa maphunziro ochepa a pa sabata.

Lamuloli lili ndi malire ake, ndipo tiwanene poyera ana asanatigwire bodza. Have, give ndi live ali ndi e koma vawelo ndi yaifupi. Chifukwa chake ndi lamulo lina laling'ono: mawu enieni a Chingerezi sathera ndi v, ndiye e amangobwera kudzatseka. Come, some, love, done, gone ndi one nawonso satsata lamulo. Ndi ochepa, koma amapezeka paliponse, choncho awa ndi amene ayenera kulowezedwa. Kuloweza kuli ndi malo ake. Vuto ndi kulowetsa mawu 200 pomwe oyenera kulowezedwa ndi 10, enawo ali ndi lamulo.

Tibwere ku mulu wachiwiri, wa makonsonanti osamveka. Ana amafunsa kuti, aphunzitsi, ngati k samveka, amamulemberanji? Yankho lakuti ndi mmene Chingerezi chilili silikhutiritsa munthu. Yankho lenileni ndi lakuti zambiri mwa zilembozi zinkamveka kale. M'nthawi ya mlembi Geoffrey Chaucer, amene anamwalira mu 1400, k wa mu knee ankatchulidwa, gh wa mu night anali liwu la pakhosi, ndipo name ankamveka pafupifupi na-me, monga mmene mwana wathu amawerengera. Mu 1476 William Caxton anakhazikitsa makina osindikizira mabuku ku Westminster, ndipo m'zaka zotsatira kalembedwe kanayamba kuuma pomwe katchulidwe kanapitiriza kusintha. Pakamwa panapita patsogolo, pepala linatsalira. Amene munagwirako ntchito ku Joni mwina munamva mawu a Chibunu akuti "knie", bondo, k akumveka bwinobwino, ndi "nag", usiku, ali ndi liwu la pakhosi lija. Ndi abale a knee ndi night amene sanataye mawu awo.

Nkhani imeneyi imatenga mphindi zitatu kuifotokoza, ndipo imachotsa maganizo oti zilembozi anaziika kuti atchere ana msampha. Ikatha, phunzitsani m'mabanja, banja limodzi pa sabata.

Banja la kn ndi wr limakhala kumayambiriro: know, knee, knife, knock, write, wrong, wrist, wrap. Banja la igh limamveka ayi: night, right, light, high. Banja la mb limakhala kumapeto: climb, comb, lamb, thumb. Ili limasokoneza kwambiri chifukwa mb ndi liwu lathu la tsiku ndi tsiku, mbuzi, mbale, chimbudzi, ndipo mwana akaliona amafuna kulitchula lonse. Muuzeni kuti b amakhala chete akakhala kumapeto. Pakati pa mawu, monga number ndi December, kawirikawiri amamveka. Banja la l: walk, talk, chalk, half, calf, could, would, should. Apa mawu athu obwereka ndi mboni. Timati choko, timati hafu. Makolo athu anabwereka ndi khutu, ndipo l amene sanamumve sanamutenge. Chimodzimodzi lisiti, amene anasiya p wa mu receipt, ndi Khirisimasi, amene anasiya t wa mu Christmas. Funsani ana kuti, pa mawu awa, n'chiyani chimene agogo anasiya panjira? Amasangalala kufufuza, ndipo chilembo chimene wachipeza wekha suchiiwala msanga.

Ife a kuno tili ndi mwayi umene anzathu a ku Ntcheu ndi ku Dedza alibe, ndiwo Chipwitikizi. Choyamba, ana athu amalemba kale zilembo zosamveka tsiku lililonse osadandaula: h wa mu hora, hoje ndi homem, u wa mu guerra, c wa mu acção ndi director monga tidakalembera m'mabuku athu. Maganizo oti chilembo chingalembedwe osatchulidwa si achilendo kwa iwo, angofunika kukumbutsidwa. Chachiwiri, pali mawu amene Chingerezi chinatseka pakamwa koma Chipwitikizi chimawatchula onse. B wa mu debt amamveka mu débito. C wa mu muscle amamveka mu músculo. T wa mu castle amamveka mu castelo. L wa mu calm ndi palm amamveka mu calma ndi palma. B wa mu bomb timamutchula tokha tikamati bomba. Mwana amene waonetsedwa ubale umenewu sakuloweza chinthu chatsopano, akungogwiritsa ntchito chimene ali nacho kale.

Koma Chipwitikizi chomwecho chili ndi msampha wake pa chilembo h. Popeza h wa kumayambiriro samveka konse m'Chipwitikizi, mwana amaganiza kuti n'chimodzimodzi m'Chingerezi, ndipo timapeza "ouse" m'malo mwa house, "is" m'malo mwa his, "as" m'malo mwa has. M'Chingerezi h wa kumayambiriro amamveka pafupifupi nthawi zonse. Osamveka amene mwana angakumane nawo ndi anayi: hour, honest, honour ndi heir, pamodzi ndi mawu ochokera kwa iwo. Chizindikiro chili pa kamawu ka patsogolo: timati an hour koma a house. Mwana wa m'chitsanzo chija analemba "an our". Akanadziwa hora, ndiponso ola lathu la Chinyanja, kuti ndi abale a hour, h sakanamuthawa.

Cholakwa cha "our" chikutiphunzitsanso china. Our ndi mawu enieni a Chingerezi. Chimodzimodzi no ndi know, new ndi knew, right ndi write. Amamveka mofanana, ndipo chilembo chosamveka ndicho chokha chikuwasiyanitsa papepala. N'chifukwa chake kulembetsa mawu amodziamodzi opanda chiganizo ndi kusalungama. Mukangoti "right" basi, mwana amene walemba "write" sanalakwe. Mawu otere azibwera nthawi zonse m'chiganizo, ndipo ana azizolowera kumvetsera chiganizo chonse asanaike cholembera pansi.

Ndikudziwa zimene ena anganene, ndipo zina mwa izo n'zomveka.

Ena ati nthawi palibe, buku ndi lalitali, kalasi ili ndi ana 60 kapena kuposa. N'zoona. Koma zimene ndikunenazi sizikufuna phunziro lapadera. Mphindi 10 zomwe zija timalembetsera mndandanda wa mawu osagwirizana tingalembetsere mawu 8 a banja limodzi. Nthawi ndi yomweyo, chasintha ndi kasankhidwe ka mawu. Ndipo mwana amene wagwira lamulo la mpanda adzalemba bwino "shopping" ndi "swimming" ngakhale sanawaonepo pa mndandanda uliwonse.

Ena ati kulowetsa Chinyanja ndi Chipwitikizi m'phunziro la Chingerezi kumasokoneza ana. Tayang'ananinso kope lija. "Nait", "rait" ndi "claim" zikuonetsa kuti zilankhulo ziwirizi zili kale m'phunziro la Chingerezi, kaya taziitana kaya ayi. Zikugwira dzanja la mwana mwakachetechete. Kuzitchula poyera ndiko kumamuthandiza kuona pamene malire ali.

Ena ali ndi njira yawo imene amaikonda, yotchula chilembo chosamveka polembetsa: k-nife, clim-b, wal-k, kuti ana apeze malikisi. Njira imeneyi imakweza malikisi a tsiku limenelo, koma imaononga zinthu ziwiri. Mwana amayamba kulankhula choncho, ndipo tsiku limene adzalembetsedwe ndi mphunzitsi wina, amene satchula k, adzagwa. Ngati mukufuna kugwiritsa ntchito katchulidwe koseketsa ngati chokumbutsira, uzani ana momveka kuti awa ndi mawu a cholembera, ndipo atchuleni pophunzira pokha. Pa ditadu penipeni tchulani monga mawuwo amamvekera.

Enanso ati masiku ano foni imakonza yokha masipelo. M'chipinda cha mayeso mulibe foni. Ndiponso foni singakuuze kuti planing, hops, our, claim kapena lain ndi zolakwika, chifukwa onsewa ndi mawu enieni. Pa zolakwa 14 zija, izi zisanu zikanadutsa osaonedwa.

Tsono chimene ndikupempha kuti tisinthe ndi kachongedwe. Pa ditadu yophunzirira, musalembe mawu olondola pamwamba pa olakwa. Ikani mzere pansi pa mawuwo, ndipo m'mphepete mwa kope lembani chizindikiro cha mulu wake: E pa nkhani ya e ndi mpanda, K pa konsonanti yosamveka, M pa cholakwa cha makutu. Mwana akonze yekha, chifukwa tsopano akudziwa mbali yoyang'ana. Pansi pa ndime, m'malo mwa nambala imodzi, lembani zitatu: E 6, K 7, M 1. Mwana amene wauzidwa kuti walakwa 14 amataya mtima. Amene wauzidwa kuti ali ndi zinthu ziwiri zoti akonze amadziwa poyambira.

Njira imeneyi imathandizanso mphunzitsi. Mukachonga makope 20 oyamba, muona mulu umene ukukula, ndipo phunziro la sabata yamawa ladzisankha lokha. Ngati E ndi wochuluka, bwererani ku bit ndi bite. Ngati K ndi wochuluka, onani banja limene likubwerezedwa. Ngati M ndi wochuluka, pamenepo ndiye nkhani ndi ya khutu, ndipo mankhwala ake ndi ena: kutchula ndi kumvetsera mawu awiriawiri monga rain ndi lane, right ndi light. Pakatha masabata awiri lembetsani ndime ina yokhala ndi mawu atsopano a mabanja omwewo. Mukalembetsa ndime yomwe ija, mukuyesa kuloweza. Mawu atsopano ndi amene amaonetsa ngati lamulo lalowa.

Pali chizindikiro chimodzi chimene chisakuopseni. Sabata imene mwaphunzitsa igh, ana ena ayamba kulemba "kight" m'malo mwa kite ndi "wright" m'malo mwa write. Sabata ya mpanda mudzaona "rainning". Kumeneku si kubwerera m'mbuyo. Mwana wagwira lamulo ndipo akuliyesa ponseponse kuti apeze malire ake. Amene walemba "kight" ali patsogolo pa amene adakalemba "kait". Muonetseni mizere iwiri pa bolodi, night, light, right mbali ina, kite, bite, white mbali inayo, asankhe yekha mawu atsopano kuti apite kuti.

Inu makolo, ngakhale Chingerezi simuchidziwa, pali chimene mungachite. Mwana akabwera ndi kope lofiira, musafunse kokha kuti wapeza zingati. Muuzeni akuwerengereni mawu amene walakwa, kenako aloze ndi chala chilembo chimene chalembedwa koma sanachitchule. Ngati angathe kuloza, ali panjira. Ngati sangathe, pitani mukafunse aphunzitsi kuti zolakwa za mwana wanu ndi za mulu uti. Ndi funso laulemu, ndipo mphunzitsi amene amasankha zolakwa m'milu adzakuyankhani nthawi yomweyo.

Aphunzitsi anzanga, tengani makope asanu okha a ditadu yapitayi, musankhe zolakwa zake m'milu itatu ija, muwerenge. Mutiuze pansipa mulu umene wakula kwanuko, ndiponso mawu a Chinyanja kapena a Chipwitikizi amene akuthandizani kugwira chilembo chobisala, kuti amene ali ku Ntengo wa Mbalame kapena ku Ulongwe akayese nawo Lolemba.